Zaka zimene simunali pantchito: chiganizo chimodzi chikukwana

Mng'ono wanga ananditumizira uthenga pa WhatsApp cha m'ma 11 koloko usiku. Unali wautali moti foni inaudula pakati n'kundiuza kuti ndidine "Read more". Pansi pake analembapo kuti, "Asisi, tandionereni, ndatumiza kwa abwana anga akale koma yankho lawo silikundimvekera."

Kuti mumvetse nkhaniyi, ndiyambe ndi mbiri yake pang'ono. Mng'ono wangayu anagwira ntchito yowerengera ndalama pa sitolo ina yogulitsa zipangizo zomangira nyumba ku Limbe kuyambira 2017. Mu Juni 2021 mayi athu anadwala sitiroko kumudzi ku Ntcheu, ndipo mwa ana tonse iye ndi amene anasiya ntchito n'kupita kukawadwazika. Ine ndinkangotumiza ndalama ndi kupita kamodzi pamwezi, nkhani imene mpaka lero imandikhala pamtima. Mayi anatisiya mu Okutobala 2023. Kumayambiriro kwa 2024 iye anabwerera ku Blantyre ndi chikwama chimodzi, ndalama ya lendi ya miyezi itatu, ndi mbiri ya ntchito yokhala ndi dzenje la zaka ziwiri ndi theka.

Abwana ake akale aja anali atasamukira ku kampani ina, ndipo anamva kuti kumeneko kukufunika munthu wa ku maakaunti. Ndiye anawalembera. Ndinawerenga ziganizo za uthengawo: zinalipo 17. Zitatu zinali moni. Khumi ndi chimodzi zinali za matenda a mayi, za kuchipatala, za mmene achibale ena sanathandizire, za maliro, ndi za mmene iye sanafunire kusiya ntchito koma panalibe kuchitira mwina. Mawu akuti "pepani" analimo kanayi. Pempho lenileni linali kumapeto kwenikweni, ndipo linangoti, "ngati pali chilichonse mundiganizireko bwana."

Yankho la abwana linali lakuti: "Pepani kwambiri ndi imfa ya mayi. Mulungu akutonthozeni." Basi.

Iye ankaganiza kuti amukana mwaulemu. Ine ndinamuuza kuti sanamukane, angoyankha uthenga umene anawalembera. Munthu ukamuuza za maliro amapepesa, ndiye ulemu wake. Abwanawo anaona uthenga wa chisoni, n'kuchita zimene munthu wabwino aliyense angachite. Za ntchito sanayankhe chifukwa panalibe funso la ntchito loti ayankhe.

Sindikumuseka mng'ono wanga. Ife tinaleredwa ndi malonje. Ukafika pakhomo pa munthu sumangoyamba ndi chimene wadzera. Umafotokoza mmene wayendera, amene wawasiya kunyumba ali bwanji, mvula yagwa bwanji. Kudumpha zimenezo n'kupanda khalidwe. Ndiye ukakhala nthawi yaitali osalankhulana ndi munthu, mtima umakuuza kuti umufotokozere zonse zimene zachitika, kuti asaone ngati wangomukumbukira chifukwa cha vuto. Kuwonjezera apo pali mantha. Umaganiza kuti akaona zaka zopanda ntchitozo aganiza kuti unachotsedwa chifukwa cha kuba, makamaka ngati ntchito yako ndi ya ndalama. Ndiye umayamba kudziteteza pa mlandu umene palibe wakuimba.

Koma taganizani za amene akulandirayo. Ali pa ofesi, foni ili pambali, uthenga wabwera pakati pa mauthenga ena makumi angapo. Pa sikirini amaona mizere iwiri yoyambirira yokha. Akatsegula amafuna kudziwa zinthu zitatu: ndiwe ndani, umatha chiyani, ukufuna ndichite chiyani. Za zaka zimene sunali pantchito ali ndi funso limodzi lokha, ndipo si lakuti "chinachitika n'chiyani?" ayi. Funso lake n'lakuti, "kodi chimene chinamuchotsa pantchitocho chatha, kapena ndikamutchula kwa anzanga andichititsa manyazi pakatha miyezi iwiri?" Ziganizo khumi ndi chimodzi za mng'ono wanga sizinayankhe funso limeneli. Zinangoonetsa kuti mtima wake udakali ku Ntcheu.

Mawa lake tinakhala pansi ndi kapu ya tiyi n'kulembanso. Ambiri a inu mauthenga otere mumalemba m'Chingerezi, ndipo iyenso analemba m'Chingerezi, koma mafupa ake ndi omwewo m'chilankhulo chilichonse. Popeza kwa abwana akale anali atatumiza kale, tinayamba ndi munthu wina, mayi wina amene ankabwera kudzaona mabuku a sitolo ija chaka ndi chaka ndipo tsopano ali ndi ofesi yakeyake. Uthenga unali wotere:

"Mwadzuka bwanji mayi. Ndine uja ndinkasunga mabuku pa sitolo ya zomangira ku Limbe, tinkagwira limodzi mukabwera kudzaona maakaunti kuyambira 2018 mpaka 2020. Kumeneko ndinkayendetsa malipiro a antchito 22, kulondola ngongole za makasitomala ndi kukonza mapepala a msonkho mwezi ndi mwezi. Kuyambira pakati pa 2021 ndinali kumudzi kusamalira kholo langa, zimenezo zinatha ndipo ndabwerera ku Blantyre, ndili wokonzeka kuyamba ntchito nthawi iliyonse. Ndamva kuti nyengo yotseka mabuku mumafuna anthu owonjezera. Kodi ndingakutumizireni mbiri yanga ya ntchito kuti muione?"

Ziganizo zisanu ndi chimodzi, ndipo cha zaka ziwiri ndi theka zija ndi chimodzi chokha. Tiyeni tichiyang'anitsitse, chifukwa tinakanganapo pafupifupi ola lathunthu.

Chiganizocho chanyamula zinthu zitatu. Choyamba ndi nthawi: "kuyambira pakati pa 2021." Sitinalembe kuti "kwa kanthawi" kapena "kwa nthawi ndithu," chifukwa mawu osamveka amapangitsa munthu kuyamba kuwerengera yekha, ndipo akapeza kuti ndi zaka ziwiri ndi theka amaona ngati umabisa. Chachiwiri ndi chifukwa, m'mawu atatu okha: "kusamalira kholo langa." Palibe dzina la matenda, palibe chipatala, palibe imfa. Chachitatu, chimene chili chofunika kuposa zonse, n'chakuti nkhaniyo yatha ndipo munthu alipo, akhoza kuyamba.

Pa mawu akuti "zimenezo zinatha" mng'ono wanga analira. Anati, "Asisi, mayi si zimenezo." N'zoona, ndipo ndinakhala chete kwa kanthawi. Koma ndinamufunsa kuti akufuna mayi wa maakauntiyo ayankhe chiyani. Akalemba kuti mayi anamwalira, yankho likhala "pepani" ngati lija la abwana, ndipo akatha kupepesa zidzawavuta kufunsa nthawi yomweyo ngati akudziwa kugwiritsa ntchito Sage, chifukwa zidzaoneka ngati alibe chifundo. Chisoni chathu chili ndi malo ake, ndi anthu ake oyenera kuchimva. Munthu amene unkakumana naye masiku asanu pachaka si mmodzi wa iwo, mwina mpaka mutadzagwira limodzi n'kuzolowerana. Pamapeto pake anasankha mawu akuti "udindo umenewo unatha," ndipo ndikuvomera kuti ake anali abwino kuposa anga.

Chinanso ndi malo amene chiganizocho chakhala. Sichili koyambirira, chifukwa mizere yoyamba ndi imene imaoneka pa sikirini foni isanatsegulidwe, ndipo sufuna kuti akudziwe ngati "uja sali pantchito." Sichilinso kumapeto, chifukwa chomaliza kuwerenga ndi chimene munthu amayankha. Chili pakati: ntchito imene unagwira ili kutsogolo kwake, pempho lili kumbuyo kwake. Akamafika pa dzenjelo amakhala atadziwa kale kuti unayendetsapo malipiro a anthu 22, ndipo akangolidutsa amapeza funso losavuta, loti "eya" kapena "ayi."

Funso limenelo musalipeputse. "Mundiganizireko" si pempho, ndi kutula katundu pamutu pa mnzako kuti aganize yekha chimene angakuchitire. "Kodi ndingakutumizireni mbiri yanga?" kapena "Kodi ndingakuimbireni Lachinayi kwa mphindi khumi?" ndi chinthu choti munthu akhoza kuyankha ali pamzere kubanki.

Panali chinthu china chimene mng'ono wanga sanachitchule n'komwe mu uthenga woyamba uja, ngakhale unali wautali chotero. Ali kumudzi, amayi a banki mkhonde anamupempha kuti aziwasungira mabuku, ndipo anachita zimenezo kwa chaka ndi miyezi ingapo: mamembala 25, masheya a sabata ndi sabata, ngongole, chiwongola dzanja, mpaka kugawana kumapeto kwa chaka. Iye sankaiona ngati ntchito chifukwa sankalipidwa. Koma kwa munthu wa maakaunti, umenewu ndi umboni wakuti dzanja silinachite dzimbiri. Mu uthenga wachitatu, wopita kwa munthu amene sankamudziwa n'komwe, tinawonjezera kachidutswa: "ndili kumeneko ndinkasunga mabuku a gulu la banki mkhonde la anthu 25." Ndi kachidutswa, osati ndime. Ndipo tinakatcha dzina lake lenileni. Mnzake wina anamulangiza kuti alembe kuti anali "mlangizi wa zachuma m'madera akumidzi." Ndinakana. Pa intaviyu akadzafunsa kuti ndi bungwe liti limene linkakulipira, udzayamba chibwibwi, ndipo kachinthu kabwino kadzasanduka bodza.

Bodza lina limene ndimalimva kawirikawiri ndi lokoka madeti. Unasiya mu Juni 2021, koma umalemba kuti unasiya mu 2022 kuti dzenje lichepe. Blantyre ndi wamng'ono, abale anga, Lilongwe chimodzimodzi. Amene ukumulemberayo mwina anaphunzira limodzi ndi abwana ako akale, ndipo foni imodzi ikukwana. Komanso lamulo la ntchito la dziko lino, la chaka cha 2000, limati wolemba ntchito azipereka kalata yosonyeza nthawi imene munthu wagwira ngati wapempha pochoka, ndipo kampani yatsopano ikhoza kufuna kuiona kalatayo. Madeti a mu uthenga, a mu mbiri ya ntchito, a pa LinkedIn ndi a mu kalatayo azigwirizana. Munthu amakhululukira zaka ziwiri zopanda ntchito mosavuta kuposa miyezi isanu ndi umodzi yabodza, makamaka ngati akufuna kukupatsa makiyi a sefa.

Pa LinkedIn pali kothandiza. Kuyambira 2022 anaikapo gawo lotchedwa "Career break," pamene ukhoza kulemba madeti ndi kusankha chifukwa pa mndandanda, monga "Caregiving" kapena "Full-time parenting." Ukalidzaza, munthu akatsegula mbiri yako amaona yekha, ndipo uthenga wako sufunikanso kunyamula zambiri. Kakalata kamene umatumiza popempha kulumikizana ndi munthu n'kakafupi kwambiri, zilembo 200 kapena 300 kutengera akaunti yako. Mmenemo musatchulemo dzenje n'komwe. Nenani kuti ndinu ndani ndi chifukwa chimene mwamusankhira iyeyo. Za dzenje zidzabwera mu uthenga wachiwiri akakulandirani.

Ndipo si dzenje lililonse lofunika kulitchula. Ine ndimati ngati ndi miyezi yosakwana isanu ndi umodzi, lisiyeni. Kuno kusaka ntchito kokha kumatenga nthawi yoposa pamenepo ndipo aliyense amadziwa. Ngati mukungopempha malangizo kwa munthu, osati ntchito, mukhozanso kulisiya. Litchuleni pamene likuposa chaka ndipo mukutumiza mbiri ya ntchito imene idzalionetsa, kapena pamene munthuyo ankakudziwani muli pantchito ndipo adzadabwa kuti munasowa kuti. Pamenepo kukhala chete kumabala mafunso ambiri kuposa chiganizo chimodzi.

Ndikudziwa kuti ena mukuti, zanu n'zosavuta, kudwazika kholo aliyense amakulemekeza. Nanga ngati chifukwa chake n'cholemera? Njira ndi yomweyo, chimene chimasintha ndi mawu apakatiwo. Ngati kampani inachepetsa antchito, monga zinachitikira ambiri nthawi ya Covid-19 mu 2020, nenani momwemo: "ntchito yanga inatha pamene kampani inachepetsa antchito mu 2020." Ngati munali kulera mwana: "ndinali kulera mwana, tsopano ndakonza za omusamalira." Kachiwiriko n'kofunika, chifukwa ndi kamene kakuyankha funso lija lakuti zatha kapena ayi. Ngati munadwala inuyo: "ndinapuma pa zifukwa za umoyo, tsopano ndili bwino." Dzina la matenda ndi lanu, mulibe ngongole yoliulula kwa munthu wachilendo pa WhatsApp, ndipo uthenga ukatumizidwa simudziwa kuti aupatsira ndani. Lamulo la ntchito lija limaletsa kusala munthu chifukwa cha udindo wa m'banja kapena kukhala pabanja, koma tinene zoona, munthu amene wangosiya kuyankha uthenga simungamutengere kukhoti. Choncho perekani zochepa zimene zikukwanira.

Povuta kwenikweni ndi pamene munachotsedwa ntchito chifukwa cha kulakwa kapena mkangano. Apa musaname kuti munali kudwazika munthu. Koma musayambenso kufotokoza mlandu wonse ndi mmene abwana analili oipa, chifukwa wowerengayo nayenso ndi bwana wa anthu ena, ndipo amadziona yekha m'nkhani yanuyo. Mu uthenga woyamba n'kokwanira kunena kuti "ndinachoka kumeneko mu 2022, ndipo kuyambira pamenepo ndakhala ndikuchita zakutizakuti." Zimenezo n'zoona ndipo sizikubisa deti. Akakufunsani maso ndi maso chifukwa chake, pamenepo muyankhe zoona, mwachidule, ndi chimene munasintha. Yankho limenelo likonzekereni musanatumize uthenga, chifukwa foni ikhoza kulira patangopita mphindi zisanu.

Mungadziwe bwanji kuti mwafotokoza mopitirira? Ine ndimayesa motere. Ndimawerenga ziganizo zokamba za dzenje. Zikaposa ziwiri, ndimadula. Ndimasaka mawu akuti "pepani," "mwatsoka," "sikunali kufuna kwanga," "ndikudziwa kuti papita nthawi". Onsewo ndi kupepesa pa chinthu chimene sichinalakwire wowerengayo. Ndimaonanso ngati mawu akuti "chifukwa" abwera kawiri motsatizana, poti chifukwa chikayamba kubala chifukwa china ndiye kuti malonje ayamba. Kenako ndimaupereka kwa munthu wina kuti awerenge kamodzi, n'kumufunsa kuti akanayankha chiyani. Akati "ndikanati pepani," uthengawo sunapse. Akati "ndikanati tumiza," wapsa.

Moni musachotse, chonde. Ndaonapo achinyamata ena atamva kuti uthenga uzikhala waufupi n'kuyamba kulembera akuluakulu ngati akuitanitsa kabaza. Mzere umodzi wa moni waulemu, "bambo" kapena "mayi," ndi "inu" m'malo mwa "iwe," sizitalikitsa uthenga. Chimene tikudula ndi kudziteteza, osati ulemu. Ndipo musatumize "Moni" yekha n'kudikira kuti ayankhe kaye. Ikani zonse mu uthenga umodzi, nthawi ya ntchito, osati 11 koloko usiku ngati mmene anachitira wina wake kwa ine. Mauthenga a mawu ojambula asiyeni. Pakamwa pamathamanga, ndipo chiganizo chimodzi chija chimasanduka mphindi zinayi.

Mayi wa maakaunti uja anayankha tsiku lachitatu ndi mawu ochepa, kuti atumize. Patapita sabata anamuitana. Mng'ono wanga anapita atakonzeka kufotokoza mbiri yonse ya ku Ntcheu, koma za dzenjelo anamufunsa funso limodzi lokha, ngati pali chimene chingamubwezenso kumudzi posachedwa. Anayankha kuti ayi. Nthawi yotsalayo anamufunsa za Excel ndi za Msonkho Online ya MRA, ndipo pamenepo ndi pamene anatuluka thukuta, chifukwa zina anali ataiwala ndipo anavomera kuti afunika sabata imodzi kuti azikumbukire. Anamupatsa ntchito ya miyezi itatu, ya nyengo yotseka mabuku, malipiro ocheperapo kuposa amene ankalandira mu 2021, pamenenso kwacha inali itagwa kawiri, mu Meyi 2022 ndi mu Novembala 2023. Sanasangalale nazo kwenikweni, koma lendi inalipidwa, ndipo pamwamba pa mbiri yake ya ntchito panakhala deti la 2024.

Kwa abwana akale aja anadikira milungu itatu, kenako anawalemberanso. Anawathokoza chifukwa cha mawu awo achitonthozo, mzere umodzi, n'kunena kuti wayambanso ntchito ya kanthawi imene ithe mu Juni, ndipo anafunsa ngati angawatchule monga munthu womuchitira umboni. Anayankha tsiku lomwelo kuti palibe vuto, n'kufunsa ngati nambala yake ikadali yomwe ija.